Kumasulira tsamba lakale lojambulidwa: kalembedwe, mawu akale ndi malo okayikitsa

Masiku ano tsamba la buku lakale limatha kutifika pa foni. Wina walijambula m'buku la agogo kapena m'kabati ya kutchalitchi, n'kutitumizira kuti timuwerengere. Chilankhulo chake ndi Chinyanja chathu chomwechi, koma mukayamba kuwerenga mupeza kuti lilime likukodwa. Zilembo zina zasowa, mawu ena ndi achilendo, ndipo pena inki inafufutika.

Kumasulira tsamba lotere ndi kulilembanso m'mawu a lero, kuti munthu wa lero amve zimene wolemba ankanena. Lamulo lalikulu pa ntchitoyi ndi limodzi: musasakanize zimene mwaona ndi maso ndi zimene mwangoganiza. Wowerenga adziwe pamene muli otsimikiza, ndi pamene mukukayika.

Chifukwa chake kalembedwe kakale n'kosiyana

Amene anayamba kusindikiza mabuku a Chinyanja anali amishoni, ndipo sankalemba mofanana. Ku Bulantaya, David Clement Scott anatulutsa buku lomasulira mawu a Chimang'anja mu 1892. Pa chilumba cha Likoma, a Angilikani ankasindikiza mabuku m'Chinyanja cha kunyanja, chomwe chimalankhulidwanso ku Msumba, m'chigawo cha Nyasa. Mu 1922 kunatuluka Buku Lopatulika, ndipo anthu ambiri anaphunzira kuwerenga ndi kalembedwe ka m'bukuli.

Pali zinthu zinayi zimene mudzakumana nazo kawirikawiri.

Choyamba, m'mabuku akale kwambiri mulibe h pambuyo pa p, t ndi k. Ankalemba *antu* m'malo mwa anthu, *nkuku* m'malo mwa nkhuku. Apa mpofunika kusamala, chifukwa h amasintha tanthauzo. *Pala* angakhale kupala kapena phala lakumwa. *Kola* angakhale kukola mbewa kapena khola la ziweto.

Chachiwiri, ankalemba bv ndi pf pamene mabuku ambiri a lero amalemba v ndi f: *kubvala* ndi kuvala, *pfupa* ndi fupa. Kwa ife a ku Tete izi si zachilendo, pakuti ambiri timatchulabe choncho.

Chachitatu, r ankapezeka pamene lero timalemba l: *nsaru* ndi nsalu, *ziri* ndi zili.

Chachinayi, mawu akuti wake, chake, ake ankalembedwa *wache*, *chache*, *ache*, kapena *wace*, *cace*, *ace*.

Koma chilembo c pachokha sichitanthauza kuti buku ndi lakale. Mabuku a sukulu a kuno ku Mozambiki ndi a ku Zambiya amalembabe *cinthu*, pamene a ku Malawi amalemba chinthu.

Zimene chithunzi chimawononga

Kalembedwe kakale ndi vuto limodzi, chithunzi choipa ndi vuto lina. Inki ikafufutika, e amaoneka ngati c, ndipo h amaoneka ngati b. Zilembo r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m. Pamene pepala linapindika pamakhala mthunzi umene umabisa zilembo.

Chimene chimasowa msanga ndi kachizindikiro kakang'ono ka m'mwamba, ka m'mawu ngati ng'ombe. Ndi kakang'ono, komabe kamasintha nkhani. Ng'oma ndi yoimba pa gule. Ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana.

Ngati buku lenilenilo lili pafupi, pemphani chithunzi china. Achijambule masana pamthunzi, tsamba litagona bwino, foni ili pamwamba penipeni. Chithunzi chimodzi chabwino chimathetsa mafunso ambiri.

Zizindikiro zitatu zoonetsa kutsimikiza

Gwiritsani ntchito zizindikiro izi, ndipo muzifotokoze pamwamba pa ntchito yanu.

Mawu opanda chizindikiro: zilembo zonse zikuoneka, ndipo tanthauzo ndi limodzi.

[ ] ndi zilembo mkati: zilembozi sizikuoneka, mwaziika ndinu. Ngati mukukayika onjezani [?].

[...] : apa pali mawu, koma sakuwerengeka.

Kusiya mpata si manyazi. Choipa ndi kudzaza mpatawo ndi mawu anu osauza munthu.

Chitsanzo

Ndime ili m'munsiyi siinachokere m'buku lililonse. Taikonza dala m'kalembedwe ka mabuku akale kwambiri, kuti tiphunzirirepo. Tiyerekeze kuti pepala linapindika pa mzere wachisanu ndi chimodzi.

Ntchito yoyamba ndi kukopera. Lembani mzere ndi mzere monga momwe mukuonera, osakonza kanthu.

1. Tsiku lolemba antu makumi awiri ana-
2. nyamuka ndi machila. Kapitao ndi mnzache
3. anapatsa mtengatenga ali yense mi-
4. kwamba iwiri ya nsaru. Pa mudzi pa
5. mfumu anaona kola la ng ombe ndi
6. ngoma zi[...]tu. Mvula inawabvuta.

Bwanji osangokonza nthawi yomweyo? Chifukwa mukakonza pokopera, simudzakumbukanso kuti ndi chiti chinali papepala. Munthu wina akafuna kuona ngati mwalondola, adzasowa poyambira.

Ntchito yachiwiri ndi kusintha kalembedwe. Yambani ndi kulumikiza mawu odulidwa kumapeto kwa mzere. *Ana-* si ana obereka ayi, ndi chiyambi cha ananyamuka. Chimodzimodzi *mi-* ndi *kwamba* ndi liwu limodzi, mikwamba. Kenako *antu* akhale anthu, *mnzache* akhale mnzake, *nsaru* ikhale nsalu, *inawabvuta* akhale inawavuta. Zonsezi n'zotsimikizika.

Nanga *makumi*? Apa musaike h. Timati khumi limodzi, koma makumi awiri. Si k aliyense amene anataya h, choncho werengani mokweza ndipo khutu likuthandizani.

Tifike pa *kola*. Taonani mawu otsatira: *kola la ng ombe*. Liwu lakuti la limatsatira dzina la chinthu, monga dengu la chimanga. Sitinganene kuti anaona kukola la ng'ombe. Ndiye kuti ndi khola, ndipo apa tili otsimikiza. Pa *ng ombe* pali kampata pakati pa g ndi o. Kampatako kakusonyeza kuti kachizindikiro kanalipo, kanangofufutika. Tilembe ng'ombe.

Mzere wa 6 ndiye wovuta. Pa *zi[...]tu* pakusowa zilembo. Mawu awiri angalowepo: zitatu, kapena *zintu*, ndiko kuti zinthu m'kalembedwe kakale. Yesani mpatawo poufanizira ndi zilembo za mzere wa pamwamba. Ngati mukukwana zilembo ziwiri, ndi ta, osati n mmodzi. Komanso "ngoma zinthu" sizikumveka, pamene "ngoma zitatu" zikumveka. Zifukwa ziwiri zagwirizana, choncho tilemba zi[ta]tu. Chizindikiro chikhalepo ndithu, chifukwa ta sitinamuone ndi maso.

Pa *ngoma* ndi posiyana. Mthunzi wa popindika wadutsa pomwe kachizindikiro kangakhale. Nkhani ikunena za pamudzi pa mfumu, ndipo pamudzi timayembekezera ng'oma zoimba, osati nyama za m'tchire. Koma alenje akhoza kukhala atapha ngoma zitatu n'kubwera nazo kwa mfumu. Zonse ziwiri n'zotheka. Tisankhe ng'oma, tiikepo [?], ndipo tilembe tanthauzo linalo pansi. Ngati tsamba lotsatira likunena za gule kapena za nyama, funso latha.

Mawu akale

Ntchito yachitatu ndi kufotokoza mawu amene achinyamata sangawamve.

*Tsiku lolemba* ndi tsiku loyamba la ntchito m'sabata, limene tikuti Lolemba mpaka lero. Linatchedwa choncho chifukwa ndi tsiku limene ankalemba anthu ntchito.

*Machila* ndi nsalu yolimba yomangirira ku mtengo wautali. Munthu ankagonamo, amuna n'kumunyamula pamapewa. Lero liwuli timalimva kuchipatala, pa chonyamulira odwala. Mukapanda kufotokoza, wowerenga aganiza kuti pa ulendowu panali wodwala.

*Mtengatenga* ndi munthu wolembedwa ntchito yosenza katundu pa ulendo wapansi. *Kapitao* ndi woyang'anira anthu a ntchito, ndipo liwuli linachokera ku Chipwitikizi.

*Mkwamba* ndi muyeso wa nsalu. Tambasulani manja onse awiri: kuchokera ku nsonga ya zala za dzanja ili kufika ku za dzanja linalo, ndiwo mkwamba. Ndi pafupifupi mita 1.8. Mikwamba iwiri ndi pafupifupi mamita 3.6. Tikuti pafupifupi chifukwa manja a anthu sakhala ofanana. Nthawi imeneyo nsalu inkagwira ntchito ngati ndalama, choncho iyi inali malipiro, osati mphatso chabe.

Liwu likakukanikani, funsani achikulire awiri, aliyense payekha. Awerengereni chiganizo chonse, osati liwu lokhalo, ndipo musayambe ndinu kunena zimene mukuganiza. Mukati, "Agogo, likutanthauza chakuti, eti?" mwina angokuvomerani mwaulemu. Akanena zofanana asanamvane, mungadalire. Akasiyana, lembani mayankho onse awiri. Kumbukiraninso kuti buku la kunyanja lili ndi mawu amene munthu wa ku Angoniya sangawadziwe. Liwu lotero silinafe ayi, ndi la dera lina, ndipo wofunsidwa akhale wa komweko.

Kumasulira komaliza

Tsopano tingalembe ndime yathu m'mawu a lero:

Lolemba anthu 20 ananyamuka ndi machila onyamulira munthu pa ulendo. Woyang'anira ndi mnzake anapatsa wosenza katundu aliyense nsalu yokwana mikwamba iwiri (pafupifupi mamita 3.6). Pamudzi pa mfumu anaona khola la ng'ombe ndi ng'oma [?] zi[ta]tu. Mvula inawavuta.

Pansi pake tilembe kuti: Mzere 6: pepala linapindika. Tawerenga ng'oma zoimba chifukwa nkhani ili pamudzi, koma zingakhalenso ngoma, nyama. Zilembo ta taziika tokha.

Mukafuna kupititsa ndimeyi m'Chipwitikizi, zizindikiro zipite nawo. M'Chipwitikizi ng'oma ndi ngoma ndi mawu awiri osafanana n'komwe, ndipo wowerenga sangadziwe kuti panali chikayiko mukapanda kumuuza.

Pomaliza, sungani zinthu zitatu pamodzi: chithunzi, zimene munakopera, ndi kumasulira kwanu. Lembaninso dzina la buku, nambala ya tsamba ndi chaka, ngati zikuoneka. Mukatero, amene adzapeze buku losapindika adzangoyang'ana mzere wa 6, n'kufufuta [?] uja.