Kusiyana kwa kugula chimanga ndi kugula mgwirizano wa m'tsogolo

Munthu akagula matani 100 a chimanga amalipira ndalama zonse, ndipo mtengo ukatsika angathe kusunga katundu wakeyo n'kudikira. Mgwirizano wa malonda a m'tsogolo ndi wosiyana: ndi lonjezo chabe logula kapena kugulitsa katundu m'mwezi woikika, pamtengo umene wagwirizanidwa lero.

Pamsika wa JSE ku Johannesburg, mgwirizano umodzi wa chimanga choyera ndi wa matani 100. Tiyerekeze kuti tani imodzi ili pa R4,000. Mgwirizanowo ndi wa R400,000, koma wogula amangoika chikole, mwachitsanzo R40,000. Chikolechi si gawo la malipiro ayi, koma ndalama yotchinjiriza msika ngati iye ataluza.

Phindu ndi kuluza zimawerengedwa tsiku lililonse. Mtengo wa tani ukatsika ndi R150, wogula waluza R15,000 ndipo ayenera kuipereka msanga. Akalephera, mkhalapakati wake amatseka mgwirizanowo, ngakhale mtengo utadzakwera mawa lake.

Mgwirizano ulinso ndi tsiku lothera. Wa Julaye ukamatha, yemwe sanaugulitse amalipira mtengo wonse n'kulandira chikalata cha chimanga chomwe chili m'nkhokwe. Wofuna kupitiriza amaugulitsa n'kugula wa Disembala, womwe umakhala ndi mtengo wakewake.