Kuyeza shuga wa m'magazi mwa khanda

Kuyeza shuga wa m'magazi mwa khanda ndi njira yodziwira ngati mwana wongobadwa kumene ali ndi shuga wokwanira kuti ubongo wake ugwire ntchito bwino. Mchombo ukangodulidwa, mwana amasiya kulandira shuga wa mayi ake, ndipo mlingo wake umatsika m'maola awiri oyamba kenako n'kuyamba kukwera.

Makanda amene shuga amawatsikira kwambiri ndi obadwa masabata 37 asanakwane, osafika makilogalamu 2.5, ochepa kapena aakulu kuposa msinkhu wa mimba, obanika pobadwa, ozizidwa, odwala komanso amene amayi awo ali ndi matenda a shuga. Ana a amayi oterewa amapanga insulini yambiri, yomwe imapitiriza kutsitsa shuga atabadwa.

Namwino amabaya m'mbali mwa chidendene n'kudonthezera magazi pa kachipangizo koyezera. Kawirikawiri amayamba pakatha maola awiri kapena anayi, n'kumabwereza mwana asanayamwe kwa maola 12 mpaka 24. Zipatala zambiri zimachitapo kanthu shuga akatsika kupitirira 2.6 mmol/L.

Zizindikiro za kutsika kwa shuga ndi kunjenjemera, kufooka, kukana bere ndi kukomoka, koma ana ena saonetsa chilichonse. Thandizo ndi kuyamwitsa msanga, kufunditsa mwana pachifuwa cha mayi, kapena kumupatsa gulukosi mumtsempha.