Nkhani zachinsinsi m'maminiti a bwalo la akulu: zimalembedwa bwanji, ndipo amaziwerenga ndani?

Ena mwa inu amene mumawerenga maminiti a bwalo la akulu ampingo mwatifunsa chifukwa chake pena pamangolembedwa nambala ndi mizere iwiri, pomwe akulu anakhala pa nkhaniyo pafupifupi ola lathunthu. Funso lake ndi labwino. Pano tifotokoza mmene mabuku athu amalembedwera, kuti mudziwe zimene muli ndi ufulu woziona komanso zimene zimasungidwa padera.

Bwalo limakhala ndi mabuku awiri. Loyamba ndi buku la maminiti otseguka, limene mkhristu aliyense wa mpingo uno angapemphe kuliwerenga. Lachiwiri ndi buku lachinsinsi, limene limalandira nkhani zokambidwa m'gawo lotseka, pamene alendo onse atuluka n'kutsala abusa ndi akulu okha. Nkhani zolowa m'gawo lotseka si zambiri: chilango ndi kubwezeredwa kwa mkhristu, mavuto a m'banja, matenda a munthu, maina a opempha thandizo ku thumba la osowa, ndi madandaulo okhudza wantchito wa mpingo. Maziko ake ndi Mateyu 18:15-17, pamene nkhani ya m'bale wolakwa imayambira pa anthu ochepa isanafike ku gulu. Lamulo la dziko nalonso likutikhudza: Data Protection Act ya 2021 imaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera.

Gawo lotseka siliyamba chifukwa wapampando watsitsa mawu. Mkulu wina amapereka ganizo lakuti bwalo litseke, wina amalivomereza, ndipo bwalo limagwirizana. Mlembi amalemba nthawi m'buku lotseguka, kenako amalitseka ndi kutenga linalo. Ngati nkhaniyo ikukhudza mkulu wina kapena wachibale wake, mkuluyo amatuluka, ndipo kutuluka kwake kumalembedwa m'buku lachinsinsi lokha. Likalembedwa m'buku lotseguka, aliyense amadziwa banja limene likukambidwa.

Tiyeni tione chitsanzo chongopeka. Pa msonkhano wina pabwera nkhani ziwiri: bambo wina amene anali pa chilango akupempha kubwerera ku Mgonero, ndipo mayi wina wamasiye akupempha K600 ya mankhwala a mwana wake. M'buku lotseguka mlembi adzalemba motere: "Mfundo 7. Nthawi ya 15:20 bwalo linagwirizana kulowa m'gawo lotseka. Linakambirana nkhani imodzi ya ubusa (CH 3/2025) ndi pempho limodzi la thandizo (CH 4/2025). Bwalo linavomereza kuti K600 ituluke ku thumba la osowa. Gawo lotseguka linayambanso nthawi ya 16:05."

Zilembo za CH zikuimira chinsinsi, ndipo nambalayo ndiyo imalumikiza mabuku awiriwo. Pansi pa CH 3/2025 m'buku lachinsinsi ndi pamene pali dzina la bamboyo, tsiku limene chilango chinayamba, akulu amene anamuyendera, ndi chigamulo cha bwalo. Ngakhale m'menemo sitilemba kuti mkulu uyu anati chakuti, uyo anatsutsa. Timalemba chimene chinagamulidwa, chifukwa chake mwachidule, ndi amene wapatsidwa ntchito yokauza mwini nkhani.

Onani kuti K600 ija yaonekera poyera. Ndalamazo ndi zopereka zanu, choncho kuchuluka kwake sikubisika. Chobisika ndi dzina la wolandira. Msungichuma amalemba nambala ya CH 4/2025 m'buku lake m'malo mwa dzina, ndipo owerengera mabuku a ndalama akafuna umboni, amaonetsedwa lisiti pamaso pa mlembi.

Chovuta kwambiri kuno ku Matero si dzina ayi, koma mafotokozedwe. M'komboni timadziwana. Mlembi akalemba kuti "mayi wina wamasiye wa m'dera lachitatu amene amagulitsa makala pafupi ndi msika", wachotsa dzina koma munthuyo wamuloza ndi chala. Nkhaniyo idzafika pa mpopi wa madzi Lamlungu lisanakwane. Choncho tisanatulutse maminiti timadzifunsa kuti: kodi munthu wokhala moyandikana naye atawerenga mzerewu, angamuzindikire? Ngati angathe, timachotsa dera, ntchito, msinkhu, ngakhale mawu akuti bambo kapena mayi. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija munangoona "nkhani imodzi ya ubusa".

Buku lachinsinsi ndi losokedwa, osati la masamba othothoka, ndipo masamba ake ali ndi manambala kuti lina likang'ambidwa zidziwike. Pamwamba pa tsamba lililonse pamalembedwa kuti ZACHINSINSI: ZA BWALO LA AKULU LOKHA. Timati tsamba lililonse chifukwa chikuto sichiyenda ndi tsamba limene wina walijambula pa foni. Makalata okhudza nkhaniyo amaikidwa mu envulopu yomata, kunja kwake n'kulembapo nambala ya CH yokha. Zonsezi zimakhala m'kabati yokhoma, makiyi ali ndi abusa ndi mlembi wa bwalo.

Pa kompyuta ndi pamene alembi ambiri amapunthwa. Ena amalemba maminiti onse m'fayilo imodzi, kenako amaphimba ndime yachinsinsi ndi mzere wakuda n'kusunga ngati PDF. Pamaso zimaoneka zobisika, koma mawuwo amakhala akadali pansi pa mzerewo. Mungayese nokha: tsegulani fayiloyo, dinani Ctrl+A ndi Ctrl+C, kenako Ctrl+V pa tsamba lopanda kanthu, ndipo ndime yonse idzatuluka. Mankhwala ake ndi amodzi: mafayilo akhale awiri kuyambira pachiyambi. Ya nkhani zachinsinsi siitumizidwa pa gulu la WhatsApp, ngakhale gulu la akulu okha, pakuti foni za m'nyumba zathu zimagwiridwa ndi ana ndi adzukulu.

Kuvomereza maminiti nakonso kumachitika kawiri. Otseguka amawerengedwa m'gawo lotseguka la msonkhano wotsatira. Achinsinsi amawerengedwa mokweza bwalo litatsekanso, popanda kugawa mapepala, ndipo wapampando ndi mlembi amasaina pomwepo. Bwalo lokha ndilo lingachotse chinsinsi pa nkhani. Mwachitsanzo, likagamula kuti kubwezeredwa kwa bambo uja kulengezedwe m'tchalitchi, limagwirizana mawu enieni oti anenedwe, ndipo mawu amenewo okha ndiwo amasamukira m'buku lotseguka. Mbiri ya mlanduwo imatsala kumene inali.

Tinenenso mosabisa kuti gawo lotseka lili ndi malire, chifukwa likhoza kusanduka pobisalira. Bajeti, ndalama za zomangamanga, kusankha womanga, ndi masankho a maudindo ndi nkhani za poyera, ngakhale zitabweretsa mkangano. Kuchita manyazi kwa akulu si chifukwa chotsekera chitseko. Chachikulu koposa: ngati m'gawo lotseka mwamveka kuti mwana wagwiriridwa kapena akuchitidwa nkhanza, chidindo cha ZACHINSINSI sichiletsa kukanena. Ana amatetezedwa ndi Children's Code Act ya 2022, ndipo nkhani yotere imapita ku Victim Support Unit ya apolisi msanga, osadikira msonkhano wa mwezi wamawa. M'buku lachinsinsi timalemba tsiku limene yaperekedwa ndi amene anaipereka. Chimene tikuteteza ndi dzina la mwanayo kwa anthu, osati wolakwayo kwa lamulo.

Amene akufuna kuwerenga maminiti otseguka aonane ndi mlembi wa bwalo mapemphero akatha. Ngati nkhani yachinsinsi ndi yanu, lembani kalata ku bwalo kudzera mwa mkulu wa dera lanu, ndipo mudzapatsidwa chigamulo chokhudza inuyo cholembedwa pa pepala lapadera, maina a anthu ena atachotsedwapo.