Umboni wa malipiro

Umboni wa malipiro ndi chikalata chimene wogulitsa amapempha kwa kasitomala amene akunena kuti analipira kale invoisi, pamene ndalamazo sizikuoneka ku akaunti. Ungakhale silipi yodindidwa ndi banki, chitsimikizo cha ndalama zotumizidwa pa kompyuta, kapena uthenga wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Pa umboniwo pazioneka tsiku, kuchuluka kwa ndalama, akaunti yolandira ndi nambala ya malipirowo. Chikalata cholemba kasitomala yekha, chosonyeza mainvoisi amene ndalamazo zalipira, n'chothandiza, koma sichitsimikiza kuti ndalama zinatulukadi.

Musanapemphe, yambani mwaona sitetimenti yanu. Nthawi zina ndalama zimakhala zalowa, koma zopereŵera. Invoisi ya K500,000 ingaoneke ngati K485,000 chifukwa kasitomala anadula msonkho wa K15,000 woti akapereke ku MRA. Wofufuza K500,000 yeniyeniyo saipeza. Zikatero, chofunika ndi setifiketi ya msonkho wodulidwawo, chifukwa popanda iyo simungadzachotse K15,000 ija pa msonkho wanu.

Popempha lembani mwaulemu: "Bambo, invoisi nambala 214 ikuonekabe yosalipidwa kwathu. Chonde titumizireni umboni wa malipiro kuti tifufuze ku banki." Ukafika, yerekezani nambala ya akaunti ndi yanu, manambala onse imodziimodzi. Chithunzi cha pa foni chimatha kusinthidwa, ndipo cheke chimatha kubwezedwa, choncho musafafanize ngongole kufikira ndalama zitaoneka pa sitetimenti.