Mphamvu ya Madzi pa Chitseko Choimirira

Mphamvu ya madzi pa chitseko choimirira ndiyo kukankha konse kumene madzi odekha, kapena chamadzimadzi china, achita pa chitseko kapena khoma lomizidwa chiriri, monga la damu.

Popeza kupanikiza kwa madzi kukula monga mwa kuya kwake, kotero kuti kunsi kwa chitseko kusenza katundu woposa kumwamba, sikutheka kuchulukitsa kupanikiza kumodzi ndi kukula kwa chitseko chonse; m'malo mwake chitsekocho chigawidwa m'timizere topingasa topyapyala, kuti pa kamzere kalikonse kuya kukhale ngati kumodzi. Simon Stevin analongosola njira yogawa motere m'chaka cha 1586, masamu a kakyulasi asanakhazikike.

Kamzere kokhala pa kuya h, ka m'lifupi w(h) ndi kuchindikala dh, kalandira mphamvu ρ g h w(h) dh, ndipo kuphatikiza timizere tonse, kumene kutchedwa intigireshoni, kupereka:

F = ∫ ρ g h w(h) dh

Apa ρ ndiwo makilogalamu 1,000 pa kyubikimita ya madzi, ndipo g ndi 9.8 m/s².

Chitseko cha mamita 2 m'lifupi, choyambira pamwamba pa madzi kufikira kuya kwa mamita 3, chilandira manyutoni 9,800 × 2 × 3²/2, ndiwo 88,200. Koma wotenga kupanikiza kwa kunsi kokha adzapeza 176,400, kuwirikiza kawiri yankho loona. Kuya kuyesedwa kuchokera pamwamba pa madzi, osati pamutu pa chitseko. Mphamvuyo ilunjika pa malo otchedwa pakati pa kupanikiza, amene pa chitseko ichi ali pa kuya kwa mamita 2.