Kanema wochedwa amajambulidwa mothamanga

Mnyamata wina wa ku Lifuwu, amene amajambula zinkhoswe ndi maukwati ndi foni, anandionetsa kanema wa mayi ake akupeta mpunga. Ankafuna kuti mankhusu aoneke akuuluka pang'onopang'ono. Anajambula monga mwa masiku onse, kenaka kanemayo n'kumuchedwetsa ndi pulogalamu ya mufoni. Poonera, lichero linkangodumphadumpha, mpunga uli mizeremizere. Iye anadabwa nati, "Si paja amati kanema wochedwa? Ndamuchedwetsatu. Nanga chalakwika n'chiyani?"

Sanalakwe kumva. Mawuwo ndiwo anamusocheretsa. Tikafuna kutchula m'Chichewa chimene pafoni palembedwa kuti Slow motion kapena Slo-mo, timati kanema wochedwa kapena kanema woyenda pang'onopang'ono, ndipo Time-lapse timati kanema wothamanga. Mayina onsewa akunena zimene woonera amaona. Wojambula akawatsatira amachita zosemphana ndi zofunika, chifukwa pa nthawi yojambula zinthu zimakhala motembenuza: kanema wochedwa ndi amene kamera imagwira ntchito mothamanga koposa, ndipo wothamanga ndi amene kamera imajambula mozengereza.

Kanema ndi zithunzi zondondozana, ndipo foni imaonetsa 30 pa sekondi iliyonse. Mukasankha Slo-mo, kamera imatola zithunzi 120 kapena 240 pa sekondi, koma poonetsa imazitulutsa 30 zomwe zija pa sekondi. Choncho masekondi awiri a mpunga uli m'malere, akajambulidwa pa 240, amapereka zithunzi 480, zimene zimatenga masekondi 16 kuti zithe kuoneka. Njere iliyonse imaoneka ikutembenuka, mankhusu akupatuka ndi mphepo. Mnyamata uja anali ndi zithunzi 60 zokha pa masekondi awiri omwewo. Atazikoka kuti zikwane masekondi 16, sekondi iliyonse inatsala ndi zithunzi zosakwana zinayi, ndipo diso limaona mipata imeneyo ngati kudumpha. Chimene kamera sinatole palibe pulogalamu ingachibweze. Mapulogalamu ena, ndiponso mafoni ena, amapeka zithunzi zapakati pongoyerekeza, ndipo mungawagwire pa madontho a madzi kapena pa njere: m'mphepete mwake mumaoneka mosungunuka, zina zimasowa n'kutulukiranso pena.

N'chifukwa chake ndimafuna mawu otchula ntchito ya wojambula, ndipo mawuwo alipo kale m'dera la mpunga ngati Lifuwu, kumene kuli siteshoni ya boma yofufuza za mbewuyi. Wowokera mbande amadziwa kusiyana kwa kuwokera mothinana ndi kuwokera motalikirana. Zithunzi nazonso zimathinana kapena kutalikirana, kungoti mpata wake ndi wa nthawi. Slo-mo ndi kujambula mothinana. Time-lapse ndi kujambula motalikirana. Munthu akamva choncho amadziwiratu kuti chisankho chimachitika asanadine batani, osati pambuyo pake. Ena angakonde kunena kuti kujambula modukiza, ndipo mawuwo ndi okoma mkamwa, koma kudukiza kumamveka ngati vuto, chinthu chimene chikuduka chokha mosalongosoka. Pano mpata uyenera kukhala wofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, apo ayi mitambo imayenda mokhadzuka.

Mawu awiriwa amathandizanso pa funso limene limavuta ambiri, loti chinthu chiti chijambulidwe motani. Chimene chimatha diso lisanachigwire chimafuna zithunzi zothinana. Chimene chimasintha mochedwa mwakuti diso limatopa kudikira chimafuna zotalikirana. Chimene chimayenda pa liwiro la munthu, monga gule, kukoka khoka kapena mkwati akulowa m'tchalitchi, chisiyeni pa 30, chifukwa kukoma kwake kuli m'nyimbo ndi m'mawu, ndipo njira ziwirizi zimawononga phokoso: kujambula motalikirana sikulitola n'komwe, kothinana kumalisandutsa kubuula.

Tiyeni titenge kutuluka kwa dzuwa, popeza gombe la Lifuwu layang'ana kum'mawa. Dzuwa limasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwake m'mphindi ziwiri, choncho diso siliona likuyenda. Mukafika kukadali mbandakucha n'kujambula kwa mphindi 30, chithunzi chimodzi pa masekondi awiri alionse, mupeza zithunzi 900. Poonetsa 30 pa sekondi, ndiye kanema wa masekondi 30, wothamanga ka 60. Mafoni ena salemba mpata wa masekondi, amalemba liwiro monga 15x, 30x kapena 60x, ndipo kuwerengera kwake n'kosavuta: gawani nambalayo ndi 30, mupeza mpata pakati pa zithunzi. 60x ndi masekondi awiri, 30x ndi sekondi imodzi, 15x ndi theka la sekondi. Pa Samsung njirayi imalembedwa kuti Hyperlapse. iPhone, imene inalandira Time-lapse mu 2014, simakufunsani mpata. Imasankha yokha malinga ndi kutalika kwa nthawi imene mwajambula, kotero kuti kanema amatuluka wa masekondi 20 mpaka 40 kaya mwakhala theka la ola kapena maola awiri.

Masamuwo ndi mbali yophweka. Chimene chimaononga kanema wotere ndi kugwedera ndi kuwala. Foni ikasuntha pang'ono chabe pakati pa chithunzi china ndi chinzake, nyanja yonse imanjenjemera poonera. M'manja sizitheka. Ngati mulibe choimikira cha miyendo itatu, itsamiritseni pa njerwa kapena pa bwato limene lili pamtunda ndithu, osati limene mafunde akulinyambita, ndipo m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, itchingeni ku mphepo. Kuwala nako kumasintha mphindi iliyonse dzuwa likamatuluka, ndipo foni ikasiyidwa kuti izidzisinthira yokha, kanema amaphethiraphethira. Dinani chala pa mbali yowala ya thambo mpaka pasikirini palembedwe AE/AF LOCK kapena paoneke kachizindikiro ka loko. Chiyambi chidzaoneka chakuda pang'ono, koma dzuwa likatuluka thambo silidzayera mbee. Mukatseka kuwala pa mdima wa m'madzi, theka lomaliza la kanema lidzapserera. Tsekaninso mafoni obwera, chifukwa wina akaimba pa mphindi ya 20, ntchito yonse ikhoza kuthera pomwepo. Ndipo m'chilimwe, Salima akatentha mu Okutobala, foni yosiyidwa padzuwa imatha kudzizimitsira kamera yokha. Iphimbeni ndi kamthunzi.

Pali chinthu chimodzi pa nyanja yathu chimene ndimaona kuti chinalengedwera kujambula motalikirana, ndicho nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'madzi n'kuima patali ngati utsi. Ukayang'ana ndi maso zimaoneka zangoima. Pa mpata wa sekondi imodzi kwa mphindi khumi, amene ndi masekondi 20 a kanema, zimaoneka zikupindika, zikugawikana, zikutengedwa ndi mphepo. Koma mafunde a pagombe pomwepo sagwirizana ndi njira imeneyi. Funde limabwera n'kusweka m'masekondi owerengeka, choncho chithunzi chilichonse chimaligwira pamalo ena, ndipo madzi amangooneka akubwadamuka. Mukamajambula thambo, chepetsani gombe m'chithunzi. Funde losweka pamwala, nkhwazi ikukwatula nsomba, mwana akudumphira m'madzi, zonsezi n'za kujambula mothinana.

Kuthinanako kuli ndi mtengo wake, ndipo umalipiridwa ndi kuwala. Pa zithunzi 240 pa sekondi, chithunzi chilichonse sichingalandire kuwala kwa nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo 240 a sekondi, kuchepa kasanu ndi katatu poyerekeza ndi malire a kujambula kwa masiku onse. Masana padzuwa palibe vuto. Koma amene akufuna kujambula asodzi a usipa usiku, nyali zili pamadzi, adzapeza kanema wakuda, wamchengamchenga. M'nyumba muli vuto lina. Magetsi a m'dziko muno amachititsa mababu ambiri kuphethira ka 100 pa sekondi. Diso siliona, koma kamera yotola 240 imaona, ndipo keke ya ukwati imatuluka ikuthwanimathwanima. Zikatero, tsikirani pa 120 muone ngati zachepa, kapena tulutsani chinthucho panja.

Tsono ndibwerere ku mawu, chifukwa pano ndimasiyana ndi anzanga amene amadana ndi mawu obwereka. Achinyamata amati silomo, ndipo ine sindingawaletse. Mawuwo ndi afupi, akhazikika kale kudzera ku mpira wa pa wailesi ya kanema, ndipo amamufikitsa munthu pa batani loyenera, popeza zolembedwa pafoni zili m'Chingerezi. Chichewa chinalandira sukulu, buku ndi foni yomwe, ndipo sichinachepe. Koma tayimulapusi ndimaikana. Ndi yolemera palilime, ndipo ngakhale pasikirini dzinalo silofanana, poti Samsung ali ndi lake. Apa mawu athu ali ndi mpata wopambana. Dzina la batani likhoza kubwerekedwa, koma kufotokoza chimene batanilo limachita kuyenera kukhala m'chiyankhulo chimene munthu amaganizira. Silomo ndi dzina chabe. Kuthinana kumamuuza kuti afunika dzuwa lambiri ndiponso kuti foni idzadza msanga.

Ntchito yosula mawu tinaizolowera kuti imachokera kumwamba. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Bungwe la Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku likulu lofufuza za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba, limene linatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito imeneyo ndimailemekeza. Koma chiyambire 2014, pamene boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, kalasi sikhalanso malo amene mawu atsopano a luso angazike mizu m'Chichewa. Malo amene atsala ndi pamene wojambula wina akuphunzitsa mnzake, foni ili m'manja. Pamenepo dzina lalitali la mawu asanu silikhalitsa, ngakhale litavomerezedwa ndi akatswiri. Ndikadakonda kuti osula mawu azikakhala kaye ndi anthu amene amagwira ntchitoyo, amve pamene wophunzira akukodwa, asanalembe kanthu.

Mawu oti kutalikirana ali ndi ubwino wina, woti safuna batani lililonse. Mpunga umatenga miyezi pafupifupi inayi kapena kuposerapo m'munda, ndipo palibe angasiye foni m'dambo nthawi yonseyo. Khomani chikhomo cholimba pamzere wa munda, chokhala ndi kathabwa koti foni izikhala malo amodzimodzi. Tsiku lililonse, pa ola lomwelo la m'mawa, jambulani chithunzi chimodzi, mtengo kapena phiri la kutali likhale pakona yomweyo. Masiku 120 apereka zithunzi 120. Pa 30 pa sekondi zingathe m'masekondi anayi okha, choncho pozilumikiza ikani khumi pa sekondi, kuti kanema akhale wa masekondi 12. Mpata wake ndi tsiku lathunthu, ndipo ngakhale foni yotsika mtengo, yopanda Time-lapse, ikhoza kuonetsa mlangizi sabata imene masamba anayamba kuchita chikasu.