Soneti: Kulemba Kalozera wa Mamvekero ndi Kuzindikira Pokhotera

Soneti ndi ndakatulo ya mizere 14 yomwe mathero a mizere yake amamveka mofanana motsata dongosolo. Polemba kalozera wa dongosololi, mzere woyamba umapatsidwa A, mzere uliwonse womveka ngati umenewo umatenganso A, ndipo mamvekero atsopano amatenga lembo lotsatira. Mizere yothera pa mawu akuti mvula, moto, kukula ndi maloto imalembedwa ABAB.

Ophunzira a ku Liwonde ndi ku Balaka, omwe ambiri amayankhula Chiyao ndi Chichewa, ayenera kusamala apa, pakuti mawu a ziyankhulozi amathera pa lembo la liwu, kotero kufanana kwa lembo lotsiriza lokha sikukwanira. Khutu ndilo limaweruza, osati kalembedwe.

Masoneti 154 a Shakespeare, osindikizidwa mu 1609, ambiri amatsata ABAB CDCD EFEF GG, ndipo mizere iwiri ya GG imamanga mfundo kapena kugubuduza zonse zomwe zanenedwa. Mu Soneti 130, woyankhula amakana kuti wokondedwa wake amafanana ndi dzuwa kapena maluwa, koma pa GG zimadziwika kuti ankanyoza matamando abodza, osati mkaziyo. M'masoneti a Petrarch, pokhotera, pomwe ganizo limasintha njira, pamabwera msanga kuposa m'masoneti a Shakespeare, pa mzere wa 9, pambuyo pa ABBAABBA.